Mafunso ndi mayankho: kuloweza liwiro, mitunda ndi manambala a malamulo a pamsewu pogwiritsa ntchito timakadi

Achinyamata a kumpingo kwathu kuno ku Harare, ndiponso akuluakulu ena amene aganiza zophunzira galimoto atakula kale, amabwera kwa ine akamakonzekera mayeso a laisensi yophunzirira ku VID, nthambi ya boma imene imayesa madalaivala. Zikwangwani sizimawavuta kwenikweni. Zithunzi za magalimoto atakumana pamphambano amazizolowera akaziyeserera kangapo. Chimene chimawagwetsa ndi manambala, ndipo mafunso awo amafanana chaka ndi chaka. Ndawasonkhanitsa pano kuti ndisamabwereze chinthu chimodzi Lamlungu lililonse tikaweruka.

Ndawerenga buku la malamulo a pamsewu la Highway Code kasanu, koma manambala sakukhala m'mutu. Kodi mutu wanga ndi wouma?

Ayi, mutu wanu ulibe vuto. Vuto ndi loti kuwerenga ndi kukumbukira ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mukatsegula tsamba n'kuona 7.5 pamene munaiona dzulo, mtima umati "iyi ndikuidziwa." Koma mwangoizindikira nkhope, monga mmene mumazindikirira kondakitala wa kombi ya ku Mufakose amene simukumudziwa dzina. Pamayeso palibe tsamba. Pali funso ndi manambala angapo ofanana nkhope, ndipo onse amaoneka ngati munawaonapo penapake, chifukwa munawaonadi.

Kakadi kamakukakamizani kuti mutulutse nambala m'mutu musanaione. Kutsogolo kuli funso, kuseri kuli yankho, ndipo simutembenuza musanayankhe. Kuvutikira kwa masekondi awiri kapena atatu kuja, pamene mukufufuza m'mutu, n'kumene kumakhazikitsa nambala. Kuwerenga kopanda funso kumakulandani mpata umenewo.

Za nthawi yobwerezera, Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zofufuza zake mu 1885 atayesa yekha kuloweza timawu topanda tanthauzo. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri koyambirira, kenako kumachepa, ndiponso kuti kubwereza kogawa masiku kumagwira kuposa kubwereza kounjika tsiku limodzi. Nambala ngati 27.7 siitalikirana kwenikweni ndi timawu take tija: payokha ilibe tanthauzo. Ndiye mumaibwerera mawa, isanazilale, kenako mumasiya masiku awiri, kenako anayi, mpata ukukulirakulira.

Mayeso ake amafuna changu chotani?

Mafunso ndi 25, nthawi ndi mphindi 8, ndipo kuti mukhoze pamafunika 22. Gawani masekondi 480 ndi mafunso 25, mupeza masekondi 19 pa funso lililonse, kuphatikizapo kuwerenga funsolo ndi mayankho ake. Mwaloledwa kuphonya atatu okha. Mafunso a zithunzi za mphambano amadya nthawi, chifukwa muyenera kuona amene akuchokera kudzanja lamanja ndi amene akukhota. Nthawi imeneyo muyenera kuiba ku mafunso a manambala. Choncho ine ndimati nambala imene mukuikumbukira patatha masekondi khumi mukukanda mutu, simunaidziwe. Muyeso wanga ndi masekondi asanu.

Kakadi kabwino kamalembedwa bwanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka okha, ndiye ndichedwapo.

Mnyamata wina anandibweretsera mulu wa timakadi todula bwino, tolembedwa ndi inki ya mitundu itatu. Kamodzi kanali ndi mawu awiri kutsogolo, akuti "Liwiro 60." Kuseri analemba zonse zimene bukulo limanena za 60: kuti ndi malire a liwiro m'tauni, kuti mpata wake ndi magalimoto anayi, kuti 8.3, kuti 27.7, kuti 36. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ukakumbukira zitatu n'kuiwala ziwiri, kakadi aka wakhoza kapena walakwa?" Anangoseka. Iye ankakaika kumulu wa zokhoza nthawi zonse, chifukwa zambiri ankazikumbukira. Ziwiri zoiwalikazo zinkabisala kumbuyo kwa zinzake mpaka tsiku la mayeso.

Kakadi kamodzi kakhale ndi funso limodzi ndi nambala imodzi. Kakadi ka mnyamata uja tinakang'amba n'kupanga tisanu. Koyamba kakufunsa malire a liwiro m'tauni pamene palibe chikwangwani chonena zina, kuseri makilomita 60 pa ola. Kachiwiri kakufunsa mpata wosiya pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo mukuyenda 60, kuseri utali wa magalimoto anayi. Kachitatu kakufunsa mtunda umene galimoto imayenda pa 60 kuchokera pamene mwaona ngozi kufikira phazi litagunda buleki, kuseri mamita 8.3. Kachinayi, mtunda kuchokera pamene mabuleki agwira kufikira galimoto itaima, mamita 27.7. Kachisanu, mtunda wonse, mamita 36.

Funso likhale ndi zonse zimene zimapangitsa yankho kukhala limodzi. "Liwiro lalikulu pamsewu waukulu" si funso lokwanira, chifukwa galimoto yaing'ono pamsewu waukulu wa phula imaloledwa 120 pamene lole yolemera imaloledwa 80. Mukapanda kutchula mtundu wa galimoto, tsiku lina muyankha 120, tsiku lina 80, ndipo masiku onse awiri mudziuza kuti mwakhoza. Lembani mtundu wa galimoto, mtundu wa msewu, ndipo mawu osiyanitsawo muwadule mzere kunsi.

Kuseri musalembe nambala yamaliseche. Lembani "mamita 7.5" osati "7.5" yokha, ndipo poyankha muzitchula zonse. Pali 16 wa zaka zimene munthu amaloledwa kuyamba kuyendetsa galimoto yaing'ono, pali 16.7 wa mamita. Pali 18 wa zaka zoyendetsera lole, pali 18 wa mamita oimira pa liwiro la 40. Pakamwa pakazolowera kunena "zaka 18" ndi "mamita 18," awiriwo amasiya kulowererana.

Ndilembe m'Chingerezi kapena m'Chichewa?

Funso la kutsogolo likopereni mmene lilili m'buku, m'chilankhulo chimene mukalembere mayeso, kuti maso azolowere mawu ake enieni. Mawu a mtunda woganizira, mtunda wa mabuleki ndi mtunda wonse amafanana kwambiri m'Chingerezi, ndipo munthu wothamanga amawerenga amodzi ngati ena. Kuseri, pansi pa nambala, lembani kamzere ka Chichewa kapena Chishona, chilichonse chimene mumaganizira mukakhala nokha. Mayi wina wa ku Highfield analemba pansi pa 8.3 kuti "phazi lidakali m'malere." Sanaisokonezenso.

Tebulo la mitunda yoimira lili ndi manambala asanu ndi anayi. Ndiloweze onse?

Muwadziwe onse, koma musawanyamule ngati miyala isanu ndi inayi yosiyana. Ali pachibale, ndipo chibalecho mukachiona katundu amapepuka.

Bukulo limapereka maliwiro atatu. Pa 40, mtunda woganizira ndi mamita 5.6, wa mabuleki 12.4, wonse 18. Pa 60 ndi 8.3, 27.7 ndi 36. Pa 120 ndi 16.7, 113.3 ndi 130.

Yambani ndi mtunda woganizira. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa kilomita imodzi pa mphindi, kutanthauza mamita 1,000 pa masekondi 60, amene ndi mamita 16.7 pa sekondi. Theka lake ndi 8.3. Ndiye kuti tebuloli likuwerengera kuti dalaivala amatenga theka la sekondi asanaponde buleki. Popeza nthawiyo siisintha, mtundawo umangotsatira liwiro mwachindunji. Mukawirikiza liwiro kuchoka pa 60 kufika 120, mtunda nawo umawirikiza, 8.3 n'kukhala 16.7. Ndipo 40 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 120, choncho 16.7 kugawa patatu ndi 5.6. Mukagwira nambala imodzi, zinzake ziwiri zimabwera zokha.

Kenako gwirani mitunda yonse, chifukwa ilibe kadontho: 18, 36, 130. Ziwiri zoyambazo n'zosavuta, 36 ndi 18 kawiri. Yachitatu ndi imene imadabwitsa.

Manambala oipa nkhope aja, a mabuleki, ndi zotsala chabe. Chotsani 5.6 pa 18, mutsala ndi 12.4. Chotsani 8.3 pa 36, mutsala ndi 27.7. Chotsani 16.7 pa 130, mutsala ndi 113.3. Ndiye zoloweza ndi mphamvu zatsala zinayi: 8.3, 18, 36 ndi 130.

Timakadi tonse tisanu ndi tinayi tipangenibe, chifukwa pamayeso mulibe nthawi yochita masamu pa funso lililonse. Koma kuseri kwa kakadi ka 27.7 lembani pang'onopang'ono `36 − 8.3`. Masiku oyamba muzifika pa yankho podzera masamuwo. Ikafika sabata yachiwiri nambala imatuluka yokha, ndipo masamu amangokhala ndodo yogwira ngati mantha akugwirani m'chipinda cha mayeso.

Bwanji 130 ikukula chonchi? Ndimaganiza kuti pa 120 ikhala 72.

Anthu ambiri amayankha 72, ndipo ndi kulakwa kwa munthu woganiza, osati waulesi: waona kuti liwiro lawirikiza, wawirikizanso 36. Koma mtunda wa mabuleki suyenda choncho. Mphamvu imene mabuleki ayenera kupha imakula ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Liwiro likawirikiza, mtunda wa mabuleki umakula pafupifupi kanayi. Tengani 27.7 kanayi, mufika cha m'ma 111, pafupi ndi 113.3 wa m'buku.

Kwa amene amalakwa chonchi ndimawapangitsa kakadi kapadera kopanda nambala ya m'tebulo, kofunsa kuti liwiro likawirikiza mtunda wa mabuleki umatani, kuseri "kanayi." Ndipo 130 ndimawauza aipatse malo: ndi kupitirira utali wa bwalo la mpira. Muli pagolo lina ku Rufaro, mwaona mwana akuwoloka, mwaponda buleki, ndipo mukaima mutadutsa golo linalo.

Ndinene pambali kuti theka la sekondi ndi la munthu watcheru, wosatopa, pamsewu wouma, matayala ndi mabuleki zili bwino. Madzulo a mvula mu Januwale, mukuzemba maenje, foni ikulira m'thumba, mitunda yeniyeni imaposa pamenepa. Lowezani manambalawa kuti mukhoze, koma pamsewu muziwatenga ngati ochepetsetsa.

Nanga za mpata wa magalimoto anayi, asanu, asanu ndi limodzi?

Lamulo ndi limodzi: utali wa galimoto imodzi pa makilomita 15 aliwonse pa ola. Ndiye 45 ndi atatu, 60 ndi anayi, 75 ndi asanu, 90 ndi asanu ndi limodzi, 120 ndi asanu ndi atatu. Kakadi kamodzi ka lamulo, ndi tiwiri toyeserera, kamodzi ka 75 ndi kena ka 90. Musawononge katoni pa liwiro lililonse.

Ndili ndi masabata atatu. Ndigawe bwanji masiku?

Njira ya mabokosi inafalitsidwa ndi mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, mu 1972: kakadi kamene mwakhoza kamasunthira bokosi lotsatira, limene limatsegulidwa patalipatali, ndipo kamene mwalakwa kamabwerera koyamba. Ine ndinaipeputsa, chifukwa ndinaona anthu akusokonezeka kuti lero ndi tsiku la bokosi liti. Timangolemba ndi pensulo pakona ya kakadi tsiku limene kayenera kuonedwanso, n'kumanga timakadi ta tsiku limodzi ndi labala. Mipata yake ndi tsiku limodzi, masiku awiri, masiku anayi, kenako asanu ndi awiri.

Tiyerekeze kuti muli ndi timakadi 40, amene ndi mulu wokwana kwa manambala. Musatiyambe tonse tsiku limodzi. Lowetsani tisanu ndi titatu patsiku kwa masiku asanu. Kakadi ka tsiku 1, mukamakhoza nthawi zonse, mudzakaona tsiku 2, tsiku 4, tsiku 8 ndi tsiku 15. Ka tsiku 5, komalizira kulowa, mudzakaona tsiku 6, 8, 12 ndi 19. Mwaona kuti makwerero onse amatenga masiku 14, n'chifukwa chake timakadi tatsopano tiyenera kutha msanga. Munthu amene akulembabe tatsopano kutatsala masiku anayi kuti alembe mayeso wangoloweza mwa chizolowezi chakale, koma pa katoni.

Ntchito imalemera tsiku 4 ndi tsiku 5, pamene muli ndi tatsopano 8 ndi tobwereza 16, kuphatikizapo tingapo tolakwa. Ndi timakadi pafupifupi 30, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ulendo wa kombi kuchokera ku Mbare kufika m'tauni ukhoza kukwanira, ngati mwapeza mpando wosapanikizika. Ikatha sabata yoyamba mulu wa tsiku umachepa, ndipo masiku ena mumapeza tisanu ndi titatu tokha. Nthawi yotsalayo ipite ku zikwangwani ndi zithunzi za mphambano.

Tione kakadi kamodzi kenikeni. Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza analemba ka 27.7 tsiku 1. Tsiku 2 anakhoza, analemba 4 pakona. Tsiku 4 funso litabwera anayankha msanga kuti mamita 36. Analakwa, koma taonani mtundu wa kulakwako: sanaiwale, anatenga nambala ya mnzake wapafupi. Kakadi kanabwerera pansi, n'kulembedwa tsiku 5. Tisanakabwezere m'labala tinadula mzere kunsi kwa mawu onena za mabuleki kutsogolo, ndipo kuseri tinawonjezera `36 − 8.3`. Tsiku 5 anakhoza, akuchita masamu ndi zala. Tsiku 7 anakhoza mosavuta, tsiku 11 chimodzimodzi, tsiku 18 anayankha ndisanamalize n'komwe kuwerenga funso. Kakadi kameneka anakaona kasanu ndi kawiri m'masabata atatu. Ka malire a liwiro m'tauni anakaona kasanu kokha, ndipo ngakhale pamenepo panali pongotaya nthawi, poti 60 amaiona pa zikwangwani tsiku lililonse.

Tsiku 20 sakanizani mulu wonse, muudutse kamodzi. Zolakwa muzionenso madzulo ndi m'mawa wa mayeso, basi.

Ndikayankha pafupi, mwachitsanzo mamita 7 m'malo mwa 7.5, ndiwerenge kuti ndakhoza?

Mwalakwa. Mtunda umene simuyenera kuimika galimoto kuchokera pamphambano ndi mamita 7.5, ndipo wokonza mafunso amaika dala manambala oyandikana nawo. Mukadzikomera mtima kunyumba, kompyuta ya ku VID siidzakukomerani. Chimodzimodzi mukakhoza koma mutaima nthawi yaitali: kakadi kasakwere, kalembeni mpata womwe uja kachiwiri.

Ndipo yankhani mokweza, kapena lembani papepala, musanatembenuze. Yankho la mumtima limanama. Munthu amaona kuseri n'kunena kuti "eya, ndi imene ndimafuna kunena," pamene m'mutu munali chifunga chokha.

Pali timakadi titatu kapena tinayi timene ndimalakwa nthawi zonse. Ndiwonjezere kubwereza?

Kakadi kakagwa katatu, siyani kukamenya. Kubwereza kachinayi ndi kachisanu sikuchiza, chifukwa nthenda yake ili pena. Yang'anani chimene mumayankha mukalakwa, ndipo muzichilemba ndi pensulo kuseri.

Ngati mumayankha nambala yomweyo yolakwika nthawi zonse, pali kakadi kena kamene kakulimbana nako. Kapezeni, muike tiwirito pambali pa tebulo, munene mokweza kusiyana kwake, kenako mupange kachitatu kofunsa kusiyanako. Chitsanzo chimene ndimachiona kawirikawiri ndi cha matirayango ofiira, amene amaikidwa pa mtunda wa mamita 30 mpaka 50 kuchokera pa galimoto yowonongeka. Anthu amawasakaniza ndi 36 wa mtunda woimira, poti onse ali cha m'ma 30. Koma awiriwa akhoza kuthandizana m'malo molimbana: wobwera pa 60 amafuna mamita 36 kuti aime, ndiye tirayango yoikidwa pa bampala siimuchenjeza kanthu. Mukaona chifukwa chake, 30 mpaka 50 imakhala ndi nzeru.

Ngati mumayankha zosiyanasiyana tsiku ndi tsiku, kapena mumangoti kakasi, nambalayo ilibe pogwira. Ipatseni thupi. Mamita 7.5 ndi masitepe pafupifupi khumi a munthu wamkulu. Pitani pakona ya msewu wa kwanu, muyende masitepe khumi, muone pamene mwaima, kaya ndi pa geti ya aneba kaya pa mtengo wa mango, ndipo mulembe malowo kuseri kwa kakadi. Mamita 36 ndi masitepe pafupifupi 48. Kuyenda kamodzi kokha kumaposa kuwerenga kakhumi.

Ngati mumadziwa yankho koma mumaliona kuti silikugwirizana ndi funso, funsolo ndi lolembedwa moipa. Ling'ambeni, mulembe lina.

Palinso nthenda ina yobisika. Mukamadutsa timakadi mu ndondomeko yomweyo, mumaloweza mzere osati mayankho: 5.6 ikangotha pakamwa pamayamba kale 12.4. Kapena mumazindikira kakadi chifukwa kona yake inapindika, kapena kanadontheredwa tiyi. Mudzadziwa kuti zafika pamenepo ngati mukukhoza nokha koma mukulephera wina akakuwerengerani funso. Sakanizani mulu tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa sabata mupatse mwana wa sukulu wa m'nyumbamo kuti akufunseni. Ana sakhululuka 7 m'malo mwa 7.5.

Foni kapena mapepala?

Kwa timakadi 40 ndi masabata atatu, ine ndimakonda mapepala. Katoni ya sopo kapena ya tiyi yodula bwino imakwana, siifuna batire magetsi akazima, ndipo kulemba ndi dzanja ndi kubwereza koyamba. Foni ilinso ndi mauthenga amene amakukokani pakati pa kakadi kachitatu ndi kachinayi.

Koma ngati mapepala mumataya, pulogalamu ya Anki imachita ntchito yomweyi, ndipo ya pa Android, yotchedwa AnkiDroid, ndi yaulere. Mukaiika siifunanso bandulo kuti muwerenge. Mukaona yankho imakupatsani mabatani anayi, `Again`, `Hard`, `Good` ndi `Easy`, n'kuwerengera yokha tsiku lodzabweza kakadiko. Cholakwa chimene ndimachiona ndi chodina `Hard` pamene munthu walephera, poopa kuona kakadi kakubwereranso. Pulogalamuyo imatenga `Hard` ngati kukhoza movutikira, ndiye imatalikitsabe mpata wa chinthu chimene simukuchidziwa. Mukalakwa dinani `Again`. Batani la `Easy` lisiyeni, chifukwa likhoza kuponya kakadi kutali kwambiri. Imayamba ndi timakadi tatsopano 20 patsiku, tsitsani pafike 8. Ndipo poti siidziwa tsiku la mayeso anu, kudutsa mulu wonse kwa tsiku 20 kuja muyenera kukukonza nokha.

Mnzanga wanditumizira mulu wopangapanga kale. Ndigwiritse ntchito?

Ufufuzeni kaye, nambala iliyonse, ndi buku lenileni la Highway Code la muno m'Zimbabwe, limene limatuluka ku bungwe la Traffic Safety Council of Zimbabwe. Ku Britain nakonso buku lawo lili ndi dzina lomweli, ndipo milu yambiri ya pa intaneti ndi ya kumeneko. Mudzaizindikira msanga: liwiro lili m'mamailosi, 30 m'tauni ndi 70 pamsewu waukulu, ndipo tebulo la mitunda yoimira ndi lina. Wina anafika kwathu ataloweza bwinobwino mamita 23, mtunda woimira pa mamailosi 30 pa ola. Anaidziwa ndithu, koma inali ya dziko la eni.

Abale amene anaphunzira galimoto kumudzi ku Malawi kapena ku Joni asamalenso. Zambiri zimafanana, tonse timayenda kumanzere, koma manambala si onse ofanana, ndipo nambala yakale imene inakhazikika kale ndi imene imatuluka poyamba munthu akapanikizika. Pa timakadi totere lembani kutsogolo mawu akuti "muno m'Zimbabwe."

Mapepala a mafunso amene amazungulira m'magulu a pa foni ali ndi vuto lina. Ena anakoperedwa kambirimbiri ndipo mayankho ena analakwika panjira, ena ndi akale. Magulu a malaisensi anasintha mu 2023 pamene laisensi ya pulasitiki inabwera ndi zilembo m'malo mwa manambala a makalasi, ndiye kakadi kalikonse konena za kalasi, zaka kapena kulemera kwa galimoto kachokere m'buku latsopano. Njira yobwereza iyi siisankha: nambala yabodza imaikhazikitsa molimba chimodzimodzi ndi yoona, ndipo kuizula kumatenga nthawi yoposa kuidzala. Pakona ya kakadi kalikonse lembani tsamba la buku limene mwatengapo yankho. Kopanda tsamba kasalowe m'labala.

Ndadumpha masiku anayi, kunali maliro ku Chitungwiza. Ndiyambirenso?

Pepani ndi zovutazo. Musayambirenso. Sonkhanitsani timakadi tonse timene tsiku lake linadutsa, musakanize, muyankhe. Tokhoza tikwere monga mwa nthawi zonse, chifukwa tapirira mpata wautali kuposa umene munakonza. Tolakwa tibwerere pansi. Tatsopano musalowetse mpaka mulu wotsalirawo utatha, ngakhale zitenge masiku awiri. Ngati masiku otsala sakukwananso 14, fupikitsani mpata womaliza, wa masiku asanu ndi awiri ukhale wa anayi.

Amalume, bwanji osangopanga timakadi ta buku lonse?

Chifukwa si zonse zimene zili ndi yankho la nambala imodzi. Zaka, maola 24 okanenera ngozi kupolisi, nthawi yoyatsa magetsi kuyambira 5:30 madzulo mpaka 5:30 m'mawa, zonsezi zimalowa bwino pa katoni. Zikwangwani nazonso zimalowa, mukajambula kutsogolo. Koma funso la magalimoto atatu pamphambano limasintha galimoto imodzi ikangosuntha, ndipo amene analoweza kuti "yankho ndi galimoto yachiwiri" amagwa chithunzi chikatembenuzidwa. Zimenezo timaziphunzira ndi zitsekerero za mabotolo pa tebulo, wina akusuntha, inu mukunena amene ayambe kudutsa ndi chifukwa chake. Mubwere nazo zitsekererozo Loweruka, zitatu za mitundu yosiyana, ndi choko chojambulira misewu.